Kuluza kasanu ndi katatu motsatizana: ndi tsoka, ufiti kapena masamu chabe?

Aliyense woyenda mu mzinda wa Livingstone, kuchokera mu msewu wa Mosi-oa-Tunya kukafika ku Maramba, Dambwa, Libuyu kapena Linda, adziwa kuti kubetcha pa mpira kwalowa m'makomboni athu onse. Amene safika ku mashopu obetchera abetcha pa foni, ali pa msika kapena ali kumunda. Ndipo pali mawu awiri amene timva kawirikawiri. Wina akuti waluza matikiti asanu ndi awiri motsatizana, ndiye kuti pali munthu amene wamuchita chipongwe. Wina akuti mwezi wonse wapita bwino, ndiye kuti iye wapeza chinsinsi ndipo sadzagwiranso khasu.

Lero tifuna kuti tiwerengere pamodzi, chifukwa anthu awiriwa onse alakwitsa pa chinthu chimodzi. Onse aweruza nkhani yaikulu ndi umboni wochepa. Masamu aonetsa kuti ngakhale katswiri weniweni, amene apanga phindu pa kubetcha, ayenera kuyembekezera kuluza maulendo ambiri motsatizana. Masamu omwewo aonetsanso kuti munthu amene alibe luso lililonse akhoza kuoneka ngati katswiri kwa miyezi ingapo. Funso ndi lakuti, kodi mndandanda wa kuluza utalika bwanji, ndipo pafunika mabeti angati kuti tisiyanitse anthu awiriwa?

Kodi wobetcha waphindu ndani?

Tiyambe ndi maodzi, nambala ija imene ilembedwa pambali pa dzina la timu. Ngati maodzi ndi 2.00 ndipo mwaika K20, mukawina akubwezerani K40, ndiye kuti K20 yanu ndi K20 ina ya phindu. Mukaluza, K20 yapita. Pa maodzi amenewa, munthu wowina theka la mabeti ake sapindula ndipo saluza. Angotaya nthawi.

Koma eni kampani sali opusa. Pa masewero amene mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wofanana, iwo sapereka 2.00. Apereka yocheperapo, mwachitsanzo 1.90 mbali iyi ndi 1.90 mbali inayo. Tiyeni tione chimene chichitika. Mukabetcha K20 maulendo 100, mwaika K2,000. Mukawina 50, ulendo uliwonse K38, mulandira K1,900. Mwatsala ndi dzenje la K100 ngakhale kuti munalosera bwino theka la masewero. Kuti mungobweza ndalama yanu pa 1.90, mufunika kuwina pafupifupi 53 pa 100 alionse. Apa ndi pamene kampani idyera, ndipo ndi chifukwa chake obetcha ambiri, akawerengera bwino pa nthawi yaitali, apezeka kuti ataya.

Tsopano tiyerekeze kuti ku Dambwa kuli mnyamata amene adziwadi mpira kuposa eni kampani. Iye asankha masewero a maodzi 2.00 okhaokha, ndipo mwayi wake weniweni ndi wowina 55 pa 100. Akabetcha K20 maulendo 100, aika K2,000 ndipo ayembekezera kulandira K2,200. Phindu ndi K200, kutanthauza K10 pa K100 iliyonse imene waika. Tinene poyera kuti luso lotere ndi losowa kwambiri. Tamupatsa dala mphamvu zochuluka kuti tione ngati mphamvuzo zimuteteza ku masiku oipa.

Mathithi saoneka chimodzimodzi chaka chonse

Mawu akuti 55 pa 100 anamiza anthu ambiri. Iwo aganiza kuti mnyamatayu adzawina lero, mawa aluze, mkuja awine, mwadongosolo ngati mizere ya chimanga. Sizili choncho. Nambala imeneyi ndi ya pakati chabe, imene ioneka pokhapokha mabeti atachuluka. Pa mabeti 100 oyamba akhoza kuwina 49, pa otsatira 61, pa enanso 54. Kusinthasintha kumeneku kozungulira nambala ya pakati ndiko mutu wa nkhani yathu.

Ife okhala pafupi ndi Zambezi sitifunika kuphunzitsidwa zambiri pa ichi. Mlendo wofika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Epulo anyowa thupi lonse ndipo sangathe kumva mnzake akulankhula. Wofika mu Novembala apeza miyala youma ku mbali yathu ya Zambia. Kumapeto kwa 2019 zithunzi za miyala imeneyi zinafalikira pa dziko lonse, ndipo ena anayamba kunena kuti mathithi auma. Miyezi yochepa itapita, madzi anabwerera mwamphamvu. Mlendo wa tsiku limodzi sanganene kukula kwa mtsinje.

Komabe pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira. Madzi a Zambezi ali ndi nyengo yake, ndipo tidziwa mwezi umene adzabwerera. Mabeti alibe kalendala. Beti ya lero sidziwa zimene zinachitika dzulo.

Mndandanda utalika bwanji?

Kuti tipeze yankho, tiyerekeze kuti tili ndi anyamata 1,000, onse aluso lofanana ndi wa ku Dambwa uja, ndipo onse ayamba kubetcha lero. Pa beti yoyamba, pafupifupi 450 aluza. Mwa amenewa, 45 pa 100 aluzanso yachiwiri, ndiye kuti 203. Yachitatu atsala 91, yachinayi 41, yachisanu 18. Tikapitiriza, oluza kasanu ndi kamodzi ndi 8, kasanu ndi kawiri ndi 4, ndipo oluza kasanu ndi katatu motsatizana ndi pafupifupi 2 okha.

Munthu akaona nambala yomalizayi apuma mpweya wabwino. Anthu awiri okha pa 1,000, ndiye kuti ine sizingandigwere. Apa ndi pamene pagona msampha. Kuwerengera kumeneku ndi kwa munthu amene wayamba lero nasiya pa beti yachisanu ndi chitatu. Koma wobetcha sasiya. Nthawi iliyonse akawina, beti yotsatira ikhoza kukhala chiyambi cha mndandanda watsopano. Munthu wobetcha katatu pa tsiku afika mabeti 1,000 chaka chisanathe, ndipo m'chaka chimenecho khomo la mndandanda litseguka pafupifupi maulendo 550. Chinthu chochitika kamodzi pa maulendo pafupifupi 600 chikapatsidwa mipata 550, sichikhalanso chodabwitsa.

Zotsatira zake ndi izi. Pa mabeti 100, katswiri wathu ayembekezere kuti mndandanda wake wautali kwambiri udzakhala wa kuluza pafupifupi kasanu. Pa mabeti 1,000 udzakhala wa pafupifupi kasanu ndi katatu. Mwa akatswiri khumi otere, asanu ndi mmodzi adzaona mndandanda wa 8 kapena kupitirira m'chaka chimenecho. Mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse adzaona wa 10 kapena kupitirira. Ndipo mmodzi mwa 27 adzaona wa 12. Onsewa ndi anthu amene luso lawo silinasinthe ngakhale pang'ono.

Taonani chinthu china. Kuchokera pa mabeti 100 kufika pa 1,000, mndandanda wakula ndi atatu okha. Kufika pa 10,000 ukula ndi atatu ena, kukhala 11. Ukula pang'onopang'ono, koma ulibe malire. Palibe nambala imene munthu anganene kuti apa ndiye pothera, beti yotsatira iyenera kuwina. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata, ndipo amene ali pakati pa mndandanda amva ngati mwambiwu unanenedwera iye. Koma mvula imeneyi siona munthu. Igwa pa aliyense amene wakhala panja nthawi yaitali.

Maodzi akakwera, chilala chitalika

Ambiri a ife sitikonda maodzi 2.00. Tifuna kuika pang'ono ndi kutenga zambiri. Tiyeni tione chimene chichitika kwa katswiri wachiwiri, amene asankha maodzi 5.00 ndipo awina 22 pa 100. Akaika K20 maulendo 100, alandira K100 maulendo 22, zonse pamodzi K2,200. Phindu lake ndi lofanana ndendende ndi la mnzake wa ku Dambwa, K200. Koma njira imene adutsa ndi ina. Iye aluza 78 pa 100 alionse, choncho pa mabeti 1,000 mndandanda wake wautali ukhala wa pafupifupi 23 kapena 24. Mmodzi mwa asanu ndi atatu otere adzaona wa 30 kapena kupitirira. Pa mabeti atatu pa tsiku, amenewo ndi masiku khumi athunthu osalandira ngakhale ngwee.

Nanga tikiti yaitali ija ya matimu ambiri, imene ikondedwa kwambiri m'makomboni? Tinene kuti maodzi ake onse pamodzi afika 50, ndipo mwini wake ndi waluso kotero kuti awina 22 pa matikiti 1,000. Phindu lake pa pepala ndi lomwe lija. Koma ayembekezere kuti pena pake adzang'amba matikiti pafupifupi 160 motsatizana. Ndipo kumbukirani kuti pa tikiti yotere kampani idya pa timu iliyonse imene mwaonjezera, choncho kukhala waphindu pamenepo ndi kovuta kuposa pa beti ya timu imodzi.

Zoonadi, zosayembekezeka zichitika. Pa 12 Febuluwale 2012 Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenoti ku Libreville ndi kutenga chikho cha Afirika pamene ochepa okha kunja kwa dziko lino anali kuiwerengera. Mu 2016 timu ya Leicester City inatenga ligi ya ku England, pamene makampani ena anali atapereka maodzi a 5,000 pa 1. Nkhani zimenezi tizikumbukira chifukwa ndi zosowa. Matikiti osawerengeka amene anang'ambidwa pa matimu ena ang'onoang'ono palibe awakumbukira.

Mndandanda suuza kanthu za luso

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Tiyerekeze kuti ku Maramba kuli bambo wina amene nayenso abetcha pa maodzi 2.00, koma mwayi wake weniweni ndi wowina 48 pa 100. Iyeyu ndi woluza. Pa K2,000 iliyonse imene aika, K80 ipita osabwerera. Kodi mndandanda wake wautali pa mabeti 1,000 ukhala wotani? Pafupifupi 10. Wa katswiri uja tinapeza kuti ndi 8, ndipo tinaona kuti nayenso afika 10 kawirikawiri ndithu. Choncho munthu akakuuzani kuti waluza maulendo asanu ndi anayi motsatizana, simungadziwe ngati ndi katswiri amene ali m'nyengo yoipa kapena ndi woluza amene ali m'nyengo yake ya masiku onse.

Apa pafunika kusamala, chifukwa nkhani ino ikhoza kusanduka chitonthozo chabodza. Woluza aliyense akhoza kunena kuti, mwaona, ngakhale akatswiri aluza, ine ndingopirira. Koma kupirira kuthandiza munthu yekhayo amene alidi ndi phindu. Kwa amene alibe, kupirira ndi kukumba dzenje mozama.

Chimene chisiyanitsa anthu awiriwa ndi kuchuluka kwa mabeti. Izi zinatsimikizidwa kalekale ndi katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Jacob Bernoulli, m'buku lake limene linatuluka mu 1713 iye atamwalira kale. Anaonetsa kuti mayesero akamachuluka, zotsatira ziyandikira mwayi weniweni. Koma kuyandikirako kuchitika mochedwa kuposa mmene ambiri aganizira.

Tiyeni tione pa mabeti 100. Katswiri wa ku Dambwa ayembekezera phindu la K200. Koma kusinthasintha kwa mwayi pa mabeti 100 nakonso kuli pafupifupi K200, kukwera kapena kutsika. Phindu ndi phokoso zili zofanana msinkhu. Chifukwa cha ichi, pafupifupi mmodzi mwa akatswiri asanu alionse amaliza mabeti 100 alibe phindu lililonse. Pa nthawi yomweyo, atatu mwa oluza khumi a mtundu wa bambo wa ku Maramba amaliza mabeti 100 ali ndi phindu m'thumba. Amenewa ndi amene muwamva pa msika akudzitama, ndipo ena a iwo ayamba kugulitsa malangizo a mpira kwa anzawo.

Mabeti akachuluka kanayi, phindu la katswiri likula kanayi, koma phokoso likula kawiri chabe. Pa mabeti 400 ayembekezera K800, pamene kusinthasintha kuli pafupifupi K400. Apa ndi mmodzi yekha mwa 40 amene atsala wopanda phindu. Pa mabeti 1,000 sakwana mmodzi pa 1,000. Koma woluza uja, ngakhale pa mabeti 1,000, mmodzi mwa khumi aoneka akali pamwamba. Chaka chathunthu cha kubetcha tsiku ndi tsiku, ndipo iye akali kudzinamiza.

Tinanena kuti 55 pa 100 ndi luso losowa. Tikatenga munthu wa phindu laling'ono, wowina 52 pa 100, zinthu zichedweratu. Pa mabeti 1,000, mmodzi mwa asanu ndi anayi otere akhala alibe phindu. Kuti afike pa chitsimikizo chimene mnzake wa 55 anachipeza pa mabeti 400, iye afunika mabeti 2,500. Pa mabeti atatu pa tsiku, zimenezo ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Ndipo wa maodzi okwera afunika ochuluka kuposa pamenepo, chifukwa phokoso lake ndi lalikulu.

Alimi mudziwa kale mfundo imeneyi. Mbewu ya chimanga siweruzidwa ndi munda umodzi m'chaka chimodzi. Amene anabzala mbewu yabwino mu nyengo ya chilala cha 1992, kapena cha 2024 chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chimenecho, sanakolole, koma vuto silinali mbewu. Amene anabzala mbewu wamba m'chaka cha mvula yabwino anadzaza nkhokwe. Ndi chifukwa chake bungwe loona za mbewu la ku Mount Makulu, ku Chilanga, liyesa mtundu watsopano m'malo osiyanasiyana ndi nyengo zingapo lisanauvomereze. Tsiku limodzi siliwoza mbewa.

Chimene chipha katswiri ndi thumba laling'ono

Ngati mndandanda wa kuluza ndi wosapeweka, funso lenileni ndi lakuti munthu adzakhala akali ndi ndalama pamene mndandandawo watha. Ndiponso dzenje lozama silibwera ndi mndandanda umodzi wokha. Munthu akhoza kuluza kasanu, awine kamodzi, aluze kanayi, awine kawiri, aluzenso kasanu ndi kamodzi. Palibe mndandanda woopsa pamenepa, koma pa mabeti 18 wawina atatu okha, ndipo wabwerera m'mbuyo ndi mabeti 12.

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Dambwa, ndipo timupatse thumba la K1,000. Luso lake ndi lomwe lija, maodzi ndi omwe aja, ndipo aika ndalama yofanana nthawi zonse. Chimene tisintha ndi kukula kwa beti kokha. Akamaika K200 pa beti iliyonse, thumba lake lili ndi mabeti asanu chabe, ndipo mwayi woti tsiku lina lidzatheratu ndi pafupifupi 37 pa 100. Akamaika K100, ndi 13 pa 100. Akamaika K50, ndi pafupifupi 2 pa 100. Akamaika K20, sukwana ngakhale kamodzi pa 20,000. Munthu ndi mmodzi, nzeru ndi zomwezo, koma pa K200 woposa mmodzi mwa atatu alionse atsala manja lende. Kwa bambo wa ku Maramba uja palibe beti yaing'ono imene ingamupulumutse. Ikhoza kungochedwetsa mapeto.

Mu 1956 katswiri wina wa ku America, John Kelly, anapeza malire a ndalama imene munthu waphindu ayenera kuika kuti thumba likule msanga. Kwa wowina 55 pa 100 pa maodzi 2.00, malirewo ndi gawo limodzi mwa khumi la ndalama imene watsala nayo, ndipo beti ichepa pamene thumba lichepa. Odziwa ntchitoyi kawirikawiri aika theka la malirewo kapena kucheperapo, chifukwa palibe amene adziwa mwayi wake weniweni motsimikiza. Kwa munthu amene alibe phindu, njira ya Kelly ipereka yankho losavuta: asaike kalikonse.

Njira imene imaliza anthu mofulumira ndi ija yowirikiza. Waluza K20, uike K40. Waluzanso, uike K80, poganiza kuti kuwina kumodzi kudzabweza zonse. Tiyeni tiitsatire mpaka pa mndandanda wa 8, umene taona kuti ndi wa masiku onse kwa wobetcha chaka chathunthu. Mabeti ake ndi K20, K40, K80, K160, K320, K640, K1,280 ndi K2,560. Pamodzi wataya K5,100. Beti yachisanu ndi chinayi iyenera kukhala K5,120, ndipo akawina, phindu la ulendo wonsewu ndi K20 yokha. Mndandanda ukafika 10, wataya K20,460. Ndalama yotere sichokeranso m'thumba la kubetcha. Ichokera ku ndalama ya fetereza, ya chilimba, ya sukulu ya ana, kapena kwa okongoza kaloba.

Muzu wa njira imeneyi ndi chikhulupiriro chakuti kuwina kwayandikira chifukwa kwachedwa. Nkhani yotchuka ya chikhulupirirochi inachitika m'nyumba ya njuga ya ku Monte Carlo mu 1913. Pa gudumu lija la manambala ofiira ndi akuda, kampira kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anathira ndalama zochuluka pa kufiira, akuti tsopano ndiye nthawi yake, ndipo anataya. Gudumu lilibe chikumbumtima. Ndipo tinenepo kuti pa gudumu lotere palibe wobetcha waphindu. Lili ndi zipinda 37, zofiira 18, zakuda 18 ndi chimodzi chobiriwira, ndipo chobiriwiracho ndi chimene chidyetsa mwini nyumba. Chimodzimodzi makina a njuga ndi masewero a pa foni amene zotsatira zake zisankhidwa ndi kompyuta. Zonse zimene tanena za katswiri sizikhudza masewero amenewo.

Munthu angadziwe bwanji mbali imene ali?

Palibe njira ina koma kabuku. Mutu wa munthu usunga tsiku limene anawina K900 ndi kuiwala ma K20 makumi asanu ndi limodzi amene anapita mwakachetechete. M'kabukumo mulembedwe tsiku, masewero, maodzi, ndalama yoikidwa ndi ndalama yolandiridwa, ndipo zilembedwe mpira usanayambe, kupatula chomalizacho. Beti iliyonse ilowe, ngakhale ija yochititsa manyazi.

Powerenga kabukuko pali muyeso wosavuta kwa amene abetcha ndalama yofanana pa maodzi oyandikira 2.00. Pa mabeti 100, mwayi wokha ukhoza kukankha munthu mabeti 10 m'mwamba kapena pansi popanda chachilendo. Pa mabeti 400 ndi 20, pa 900 ndi 30, pa 2,500 ndi 50. Phindu liyamba kukhala umboni pamene laposa nambala imeneyi kawiri. Choncho munthu wa K20 amene wabetcha maulendo 400 ndipo ali pamwamba ndi K300 sanatsimikize kanthu, chifukwa K300 ndi mabeti 15 chabe. Akanakhala pamwamba ndi K800 kapena kupitirira, tikanayamba kumumvetsera. Muyeso womwewu ugwira ntchito chakumbuyo. Amene watsika ndi K800 pa mabeti 400 asanenenso za nyengo yoipa. Kabuku kayankha.

Muyeso umenewu ndi wofunsiranso aja ogulitsa malangizo. Akakuonetsani matikiti khumi owina, funsani kuti onse pamodzi anali angati ndipo oluza ali kuti. Mwa anthu 1,000 ongoponya ndalama m'mwamba, pafupifupi mmodzi adzalosera molondola maulendo khumi motsatizana. Iyeyo ndi amene adzatsegule gulu pa foni, pamene ena 999 akhala chete.

Pomaliza, kabuku kawerenge ndalama imene yafikadi m'manja, msonkho ndi zolipira potumiza ndalama pa foni zitachotsedwa. Mu 2025 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama yobetchera. Taonani chimene msonkho wa kukula kotere uchita ngati uchotsedwa pa beti ya munthu. Pa K20, imene ilowa m'masewero ndi K18. Katswiri wathu akawina 55 pa 100 alandira K36 maulendo 55, zonse pamodzi K1,980, pamene anatulutsa K2,000. Munthu amene tinamupatsa luso losowa uja wasanduka woluza, osasintha kalikonse pa kasankhidwe kake ka matimu.

Choncho mnansi wanu akabwera ndi nkhope yakugwa kuti waluza kasanu ndi katatu motsatizana, musamuperekeze kwa sing'anga, ndipo musamubwereke ndalama yoti akabwezere. Mufunseni mafunso atatu. Wabetcha maulendo angati chiyambire, zonse pamodzi waika zingati ndipo walandira zingati, nanga beti imodzi ndi gawo lanji la ndalama imene angathe kutaya banja osagona ndi njala? Ngati alibe kabuku koyankhira mafunso amenewa, sadziwa ngati ali wa ku Dambwa kapena wa ku Maramba m'fanizo lathu. Ndipo popeza kampani idya pa beti iliyonse, mwayi waukulu ndi wakuti ali wachiwiriyo.